Kalata yofotokozera kasitomala chifukwa chimene walandirira gawo lokha la fayilo ya dizaini

Funso: "Ndinakonzera kasitomala katalogi ya masamba 48 mu InDesign, ndipo ntchito yonse ndinaimaliza. Foda yake ndi ya 2.4 GB, imelo inakana kuitumiza, choncho ndinangotumiza PDF ya masamba 16 oyamba, ya 14 MB, osalemapo mawu ambiri. Mayiwo ayankha mokwiya kuti analipira katalogi yonse osati chidutswa, ndipo akufunanso mafayilo enieni amene ndinagwirirapo ntchito. Kodi ndiwalembere kalata yotani kuti amvetse?"

Musanayambe kulemba, lekanitsani nkhani ziwiri zimene zasakanikirana apa, chifukwa iliyonse ili ndi yankho lakelake ndipo mukaziyankha pamodzi kalata yanu idzaoneka ngati yozemba. Nkhani yoyamba ndi ya masamba 32 amene mayiwo sanawaone. Nkhani yachiwiri ndi ya mafayilo ogwirirapo ntchito, ndiye kuti fayilo ya InDesign pamodzi ndi zithunzi ndi mafonti ake. Kukula kwa foda kumafotokoza bwino lomwe chifukwa chimene mafayilo ogwirirapo ntchitowo sanadutse pa imelo, koma sikufotokoza chifukwa chimene mayiwo sanaonere masamba onse 48, popeza panali njira yowaonetsera onse mu fayilo yaing'ono. Ndikunena izi poyamba chifukwa makasitomala ambiri amadziwa kale kuti mafayilo akuluakulu amatumizidwa kudzera pa linki, ndipo mukadalira mawu akuti "fayilo inali yaikulu" okha, iwo adzayamba kuganiza kuti mwina masamba otsalawo sanathe.

Choyamba kudziwa ndi kumene kulemera kwa foda yanu kukuchokera, kuti pamene mukufotokoza muzinena chinthu chimene mukuchidziwa. Tsamba la A4 likakhala ndi chithunzi chodzaza tsamba lonse pa 300 ppi, chithunzicho chimakhala ndi mapikiselo 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali, ndipo onse pamodzi amakwana pafupifupi mamiliyoni 8.7. Ngati chithunzicho chili mu CMYK, pikiselo iliyonse imatenga mabaiti anayi, kotero chithunzi chimodzi chosapanikizidwa chimalemera pafupifupi 35 MB. Zithunzi 60 za msinkhu umenewu zimakwana 2.1 GB, ndipo mukawonjezerapo chikuto chimene chinakonzedwa mu Photoshop chokhala ndi maleya ake onse, foda imafika pa 2.4 GB mosavuta. Fayilo ya InDesign payokha nthawi zambiri imakhala yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi, chifukwa siisunga zithunzi zenizenizo m'kati mwake koma imangosunga tizithunzi toonera ndi njira yofikira ku zithunzi zenizeni zimene zili mu foda yotchedwa Links. Ichi ndi chifukwa chake kutumiza fayilo ya InDesign yokha sikuthandiza kasitomala. Iye akaitsegula pa kompyuta ina, pulogalamuyo imaika chizindikiro chofiira cha funso pa chithunzi chilichonse chimene sikuchipeza, ndipo chimene chingasindikizidwe kuchokera pamenepo chimakhala chosaoneka bwino.

Imelo nayo ili ndi malire ake amene ndi aang'ono kwambiri. Gmail imalola kuphatikiza mafayilo osapitirira 25 MB pa uthenga umodzi, ndipo fayilo ikapitirira pamenepo imaisandutsa linki ya Google Drive. Maseva a makampani ambiri amaika malire otsikirapo, monga 20 MB kapena 10 MB, ndipo malire amene amagwira ntchito ndi otsika pa awiriwo, a wotumiza ndi a wolandira. Palinso chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira, chakuti fayilo ikamalowa mu imelo imasinthidwa kukhala zilembo ndipo kusinthako kumaikulitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. PDF yanu ya 14 MB inayenda ngati ya pafupifupi 19 MB, ndiye kuti inangodutsa movutikira ngati malire anali 20 MB. Masamba onse 48 pa mulingo womwewo akanakhala pafupifupi 42 MB, ndipo mu imelo akanafika 56 MB. Choncho munali ndi chifukwa chenicheni, koma njira imene munasankha, yodula masamba m'malo mochepetsa zithunzi mokwanira, ndi imene inabweretsa chikayiko.

Langizo langa ndi lakuti musatumize kalata yopanda kanthu m'manja. Musanailembe, tulutsani PDF ya masamba onse 48 pogwiritsa ntchito mulingo wotchedwa Smallest File Size, umene umatsitsa zithunzi zamitundu kufika pa 100 ppi. Kutsika kuchoka pa 300 kufika pa 100 kumasiya gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndi anayi a mapikiselo, chifukwa kuchepako kumachitika m'lifupi ndi m'litali momwe, ndipo zithunzizo zimapanikizidwanso ngati JPEG. Tinene kuti yatuluka ya 9 MB. Fayilo imeneyi iphatikizeni ku kalatayo, chifukwa ndi imene idzathetse funso lakuti ntchito inatha kapena ayi kuposa mawu alionse amene mungalembe. Kenaka tulutsani PDF yosindikizira, pa mulingo umene wosindikiza amafuna, monga PDF/X-4 kapena PDF/X-1a, yokhala ndi zithunzi za 300 ppi, timizere todulira, ndi mamilimita 3 opitirira m'mphepete mwa tsamba. Tinene kuti imeneyi yatuluka ya 310 MB. Iikeni pa malo osungira mafayilo pa intaneti ndipo mukonze linki yake. Foda yogwirirapo ntchito isonkhanitseni ndi File > Package kuti zithunzi zonse zibwere pamodzi, ndipo musankhe kuti iphatikize IDML ngati mukuganiza kuti mwina wolandirayo ali ndi InDesign yakale kuposa yanu.

Werengeraninso nthawi musanalonjeze tsiku. Foda ya 2.4 GB ndi mamegabiti 19,200, ndipo ngati liwiro lanu lokwezera mafayilo ndi mamegabiti 5 pa sekondi, kuikweza kumatenga mphindi 64 popanda kudukiza. Ngati liwirolo ndi mamegabiti 2, kumatenga maola awiri ndi mphindi 40. Liwiro lokwezera kawirikawiri limakhala lotsika kuposa lokoperera, choncho musadalire nambala imene mumaiona mukamakopera zinthu. Ngati mukugwiritsa ntchito Google Drive yaulere, kumbukirani kuti malo ake a 15 GB amagawidwa pakati pa Drive, Gmail ndi Google Photos, ndipo akakhala kuti atsala pang'ono kudzaza, kukwezako kumalephera.

Tsopano nayi kalata imene ndingalembe pa nkhani yanu. Ziwerengero ndi masiku musinthe kuti zigwirizane ndi zenizeni, ndipo ndime yokhudza mafayilo ogwirirapo ntchito muisinthe malinga ndi mgwirizano wanu, monga ndifotokozere pambuyo pake.

Mutu: Katalogi ya masamba 48: masamba onse ali m'kalata ino, ndi chifukwa chimene munalandirira 16 okha poyamba

Wolemekezeka Mayi,

Zikomo chifukwa cha uthenga wanu. Katalogi yonse ya masamba 48 inatha, ndipo ndaiphatikiza ku kalata ino mu fayilo yotchedwa Katalogi_yowerengera_1-48.pdf, ya 9 MB, kuti muone tsamba lililonse.

Fayilo imene munalandira poyamba inali ndi masamba 1 mpaka 16 okha. Foda yonse ya ntchitoyi ndi ya 2.4 GB chifukwa cha zithunzi 60 zimene zakonzedwa pa mulingo wosindikizira, pamene imelo imanyamula pafupifupi 20 MB yokha pa uthenga umodzi. Ndinatumiza gawo limene linakwana, koma sindinakuuzeni kuti linali gawo chabe, ndipo pa chimenechi ndikupepesa.

Chonde musapereke kwa wosindikiza fayilo ya masamba 16 ija kapena imene ndaphatikiza panoyi. Zonse ziwiri ndi zowerengera pa kompyuta kapena pa foni. Zithunzi zake ndinazichepetsa kuti zidutse pa imelo, ndipo zikasindikizidwa zidzaoneka zosawala bwino ndiponso mitundu yake siidzakhala yolondola.

Fayilo yoyenera kupita kwa wosindikiza ndi Katalogi_yosindikizira_1-48.pdf, ya 310 MB, ndipo mungaikopere pa linki ili m'munsiyi. Mukamaliza kukopera, onani ngati kukula kwake kuli pafupifupi 310 MB ndiponso ngati ikutseguka mpaka pa tsamba 48. Linkiyi idzagwira ntchito mpaka kumapeto kwa mwezi uno.

Za mafayilo ogwirirapo ntchito amene mwapempha: foda yokhala ndi fayilo ya InDesign ndi zithunzi zanu zonse ndidzaiika pa linki yomweyi Lachinayi lino isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo ndidzakutumizirani uthenga ikangokwera yonse. Mu fodayo simudzakhala mafonti awiri amene agwiritsidwa ntchito pa mitu ya nkhani, chifukwa laisensi yawo siindilola kuwapereka kwa munthu wina. Ndidzalemba mayina awo ndi kumene amagulidwa. Zimenezi sizikukhudza kusindikiza, popeza zilembo zonse zili kale m'kati mwa PDF yosindikizira.

Ndikupempha kuti muwerenge masamba onse 48 ndipo mundiuze pofika Lachitatu ngati pali chofunika kusintha, makamaka mitengo ndi manambala a katundu, fayiloyi isanapite kwa wosindikiza. Ngati linkiyo ikukana kutseguka, ndiimbireni foni ndipo tidzapeza njira ina tsiku lomwelo.

Ndine wanu,

Kalatayi ikuyamba ndi nkhani yakuti ntchito inatha, ndipo ndinaiika pamenepo mwadala. Munthu amene walandira masamba 16 atalipira 48 sakufunsa kwenikweni za mamegabaiti, koma akufunsa ngati ndalama zake zagwira ntchito ndiponso ngati katalogi ituluka pa nthawi yake. Mukayamba ndi kufotokoza malire a imelo, iye adzawerenga ndime yonseyo mtima uli m'mwamba, akudikira kumva ngati masamba otsalawo alipo. Mutu wa kalata nawonso ukunena yankho lomwelo, chifukwa anthu ambiri amaona mutu wokha pa foni asanasankhe kutsegula uthenga nthawi yomweyo kapena kuusiya kaye.

Chifukwa chenichenicho ndachipatsa ziganizo zitatu zokha, ndipo muli ziwerengero ziwiri zoyerekezera, 2.4 GB ndi 20 MB. Zimene ndakufotokozerani pamwambapa za mapikiselo ndi CMYK ndi zoti inu mudziwe, kuti kasitomala akafunsa zambiri mukhale ndi yankho, koma siziyenera kulowa m'kalata. Ngati mukukayika kuti mayiwo sasiyanitsa bwino MB ndi GB, onjezani mawu akuti fodayo ndi yaikulu kuwirikiza maulendo oposa 100 kuyerekeza ndi zimene imelo imanyamula, chifukwa 2,400 kugawa ndi 20 ndi 120. Kupepesa kuli kamodzi kokha, ndipo kukuloza chimene chinalakwikadi, chimene ndi kutumiza gawo popanda kunena kuti ndi gawo. Simuyenera kupepesa chifukwa cha kukula kwa fayilo, popeza kukulako ndi umboni wakuti zithunzi zakonzedwa pa mulingo woyenera. Simuyeneranso kuloza chala intaneti kapena imelo ya kasitomala, ngakhale zitakhala kuti seva yawo ndi imene inakana, chifukwa zimenezo zimangoyambitsa mkangano wina umene suthandiza katalogi kutuluka.

Ndime imene ndimaiona kukhala yofunika kuposa zonse ndi yachitatu, yoletsa kusindikiza, ndipo ndi imene okonza dizaini ambiri amaiiwala. Fayilo ikachoka m'manja mwanu imayenda yokha. Kasitomala amaitumiza kwa mnzake wa mu ofesi, mnzakeyo amaitumiza kwa wosindikiza kuti apereke mtengo, ndipo wosindikizayo akaona PDF yokhala ndi dzina la katalogi angathe kuganiza kuti ndiyo yomaliza. Pa foni chithunzi cha 100 ppi chimaoneka chokongola ndithu, kotero palibe amene amazindikira vutolo mpaka mapepala atatuluka m'makina, zithunzi za katundu zili zofooka ndipo m'mphepete mwa masamba muli timizere toyera chifukwa panalibe mamilimita 3 opitirira aja. Mu nkhani yanu muli choopsa china chowonjezera, chakuti masamba 16 amakwana bwinobwino kupanga kabuku kathunthu, popeza timabuku tolumikizidwa pakati timawerengedwa m'magulu a masamba anayianayi. Wosindikiza akalandira masamba 16 sangadabwe ndipo sangafunse ngati pali ena. Ndiye chifukwa chake chenjezolo liyenera kukhala pa ndime yakeyake, ndipo liyenera kubwerezedwa m'dzina la fayilo, chifukwa kalata imatsalira mu imelo pamene dzina limapita kulikonse kumene fayilo yapita. Mawu akuti "yowerengera" ndi "yosindikizira", pamodzi ndi manambala a masamba, amagwira ntchito imeneyo. Ena amaikanso mawu ofooka odutsa pa tsamba lililonse la fayilo yowerengera onena kuti si yosindikizira, ndipo ndimagwirizana nazo ngati fayiloyo idutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Lonjezo la tsiku liyenera kukhala ndi tsiku lenileni ndi ola, osati mawu ngati "posachedwapa" kapena "ndikangopeza mpata". Kasitomala amene wakhumudwa kale amamva mawu otere ngati kuzengereza kwina. Sankhani tsiku limene muli ndi chitsimikizo kuti mudzalikwanitsa ngakhale kukweza kutaduka kamodzi, ndipo mukamaliza msanga palibe amene adzadandaule.

Tsopano tibwere pa mafayilo ogwirirapo ntchito, pamene pamafunika kusamala kwambiri. Kalata ili pamwambayi ikuganizira kuti mgwirizano wanu unaphatikiza mafayilo amenewa. Tsegulani mgwirizanowo, kapena kalata imene munaperekera mtengo, kapena mauthenga amene munalemberana poyamba, ndipo muone chimene munalonjeza kupereka. Okonza dizaini ambiri amagulitsa chinthu chomalizidwa, ndiye kuti PDF yosindikizira, ndipo mafayilo ogwirirapo ntchito amawaika pa mtengo wapadera, chifukwa amene ali nawo angathe kukonza katalogi ya chaka chamawa popanda iwo. Imeneyi ndi njira yovomerezeka yogwirira ntchito, koma iyenera kunenedwa poyera. Chimene sindingakulangizeni ndi kubisala kumbuyo kwa kukula kwa fayilo pamene chifukwa chenicheni ndi chakuti simukufuna kuipereka. Bodza limeneli silikhalitsa, chifukwa kasitomala adzangokuuzani kuti akutumizirani linki yokwezera kapena akubweretserani fulashi, ndipo mudzakakamizika kutchula chifukwa chachiwiri chimene simunachitchule poyamba. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene munganene chidzakayikiridwa.

Ngati mafayilowo sanali mu mgwirizano, ndime ija isinthe motere: "Mgwirizano wathu unali wakuti ndipereke katalogi yokonzeka kusindikizidwa, ndipo imeneyo ndi PDF imene ili pa linkiyi. Mafayilo ogwirirapo ntchito sanali gawo la mtengo umene tinagwirizana. Ngati mukuwafuna ndine wokonzeka kuwapereka, ndipo ndingakutumizireni mtengo wake mawa." Ngati mgwirizano sunanene kanthu pa nkhaniyi, musalembe ngati kuti unanena. Vomerezani kuti simunakambirane, ndipo funsani chimene akufuna kuchita ndi mafayilowo. Nthawi zambiri kasitomala amangofuna kuti azitha kusintha mitengo ya katundu payekha, kapena amaopa kuti inu mukasowa ntchito yonse itayika, ndipo nkhawa zoterezi zingathe kuthetsedwa mukadziwa kuti ndi iti mwa izo imene ali nayo.

Chimodzimodzinso ngati chifukwa chenicheni ndi chakuti malipiro otsala sanafike. Lembani kuti, malinga ndi mgwirizano, fayilo yosindikizira imaperekedwa malipiro omaliza akalandiridwa, tchulani nambala ya invoisi, ndipo perekani fayilo yowerengera ya masamba onse kuti aone kuti ntchito ilipo. Ndipo ngati, mwa mwayi woipa, masamba ena akudikira zithunzi kapena mawu ochokera kwa kasitomala mwiniwake, tchulani masambawo ndi manambala awo ndi chimene chikusowa pa lililonse. Kalata yonena kuti "masamba 31 ndi 32 akudikira zithunzi za katundu watsopano" imamupatsa munthu chochita, pamene yonena kuti "pali zina zochepa zotsala" imangomuwonjezera nkhawa.

Nkhani ya mafonti ndi zithunzi zogula ndi yosiyana ndi zonsezi, chifukwa pamenepa si inu amene mukusankha kusapereka. Fonti ndi pulogalamu yokhala ndi laisensi, ndipo malaisensi ambiri amalola kuti zilembo zilowe m'kati mwa PDF koma salola kupereka fayilo ya fontiyo kwa munthu wina kuti aziigwiritsa ntchito. Mafonti ochokera ku Adobe Fonts sakoperedwa n'komwe mukamachita Package, ndipo amene adzatsegule fayiloyo ayenera kukhala ndi akaunti yakeyake kuti awapeze. Zithunzi zogulidwa kwa ogulitsa zithunzi nazo kawirikawiri zimakhala ndi laisensi imene imalola kuti zioneke mu katalogi koma siilola kuzipereka ngati mafayilo apaokha, choncho werengani laisensi ya kumene munagula musanaziike mu foda. Kasitomala ayenera kuuzidwa zimenezi asanatsegule fodayo, chifukwa akadzaona uthenga wonena kuti mafonti akusowa popanda chenjezo, adzaganiza kuti mwamutumiziranso chinthu chosakwanira kachiwiri. Mu foda ikani kafayilo kakang'ono kolembamo zimene zilimo, zimene mulibe, ndi chifukwa chake.

Pali njira ina imene ena amaiyesa imene ndikukuchenjezani kuti muipewe, yodula foda m'zidutswa ndi pulogalamu monga 7-Zip n'kumatumiza chidutswa chilichonse pa imelo yakeyake. Zidutswa zimenezi, zimene mayina ake amathera ndi .7z.001, .7z.002 ndi kupitirira, sizitseguka chimodzichimodzi. Zimafunika zonse zikhale mu foda imodzi, ndipo chimodzi chikasowa kapena kuwonongeka, kumasula fodayo kumalephera. Pa foda ya 2.4 GB ndi zidutswa za 14 MB, mungafunike maimelo oposa 170. Kupanikiza mu ZIP nakonso sikuchepetsa kwenikweni zithunzi za JPEG kapena ma PDF, chifukwa zinapanikizidwa kale. Phindu la ZIP pa ntchito ngati iyi ndi kusunga foda yonse ngati fayilo imodzi, kuti dongosolo la mafoda lisasokonekere ndipo InDesign ipeze zithunzi zake pamene inazisiya. Ngati intaneti ya kasitomala siingakwanitse kukopera, fulashi ndi njira yabwino, koma dziwani kuti fulashi yokonzedwa mu FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB, ngakhale itakhala ndi malo ambiri. Foda yanu ikwana, koma ntchito yokulirapo idzafuna fulashi ya exFAT.

Musanatumize kalata, yesani linkiyo ngati mmene kasitomala adzaiyesere. Itseguleni pa windo lachinsinsi la bulawuza, pamene simunalowe mu akaunti yanu, chifukwa inu mwini fayilo imakutsegukirani nthawi zonse ngakhale pamene ena ikuwakaniza. Pa Google Drive, ngati mwasiya pa Restricted, amene angatsegule ndi okhawo amene mwawawonjezera ndi adiresi yawo ya imelo, ndipo mukasankha Anyone with the link aliyense wokhala ndi linkiyo angatsegule. Ngati katalogi ili ndi mitengo imene sinalengezedwe, njira yoyambayo ndi yotetezeka, koma funsani kaye adiresi imene mayiwo amagwiritsa ntchito. Koperani fayiloyo kuchokera pa linki, itseguleni, ndipo pitani mpaka pa tsamba lomaliza. Fayilo imene kukwera kwake kunaduka imadziwika ndi kukula kochepa kuposa koyenera, kapena imakana kutseguka ndi uthenga wonena kuti yawonongeka. Polemba kukula m'kalata gwiritsani ntchito mawu akuti "pafupifupi", chifukwa Windows ndi Mac amawerenga kukula mosiyana pang'ono, ndipo fayilo imene Mac ikuonetsa 310 MB idzaoneka ngati ya 296 MB pa Windows. Ngati mukudziwa kuti inu ndi kasitomala muli pa makompyuta osiyana, lembani manambala onse awiri kuti asaganize kuti yaduka.

Kwa kasitomala wamba, kukula kwa fayilo ndi chiwerengero cha masamba n'zokwanira. Koma ngati foda yaikuluyo ikupita kwa wosindikiza kapena kwa munthu wodziwa makompyuta ku kampani yawo, mungapereke nambala yotsimikizira imene imasonyeza kuti fayilo yafika popanda kusintha ngakhale baiti imodzi. Mzere woyamba ndi wa pa Windows ndipo wachiwiri ndi wa pa Mac:

```
certutil -hashfile Katalogi_yogwirirapo.zip SHA256
shasum -a 256 Katalogi_yogwirirapo.zip
```

Inu mumapeza mndandanda wa zilembo ndi manambala 64, wolandirayo amachita zomwezo pa fayilo imene wakopera, ndipo mindandanda iwiriyo ikafanana ndiye kuti fayilo ndi yathunthu. Zimenezi musaziike m'kalata yopita kwa mayiwo, koma mu uthenga wa Lachinayi wowadziwitsa kuti foda yakwera, pansi penipeni, ndi mawu onena kuti ndi za amene adzatsegule mafayilowo.

Popeza mayiwo alemba atakwiya, ndingakulangizeni kuti muwaimbire foni mwachidule mutangotumiza kalatayo, kuwauza kuti masamba onse ali mu imelo yawo ndiponso kuti fayilo yoyamba ija isapite kwa wosindikiza. Pa foni pomwepo afunseni ngati anaitumiza kale kwa munthu wina. Ngati anatero, apempheni kuti amuuze munthuyo aifufute lero lomwe, ndipo inu mutumize kwa wosindikizayo linki ya fayilo yosindikizira yokhala ndi dzina lake lonse ndi chiwerengero cha masamba 48.